Mutu ukawawa mwadzidzidzi ngati wamenyedwa, musadikire kuti kuche

Abale anga kumudzi, ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Britain, ndipo pali mutu umodzi umene sitiuchedwetsa. Ndi uja wobwera kamodzin'kamodzi, n'kufika pachimake mphindi imodzi isanathe, munthu n'kunena kuti chibadwire sanamvepo ululu wotere. Waching'alang'ala umayamba pang'onopang'ono ndipo mwini wake amaudziwa. Uwu ndi wachilendo.

Chimene timaopa n'chakuti mtsempha wamagazi umene unatupa m'mutu waphulika, ndipo magazi akutayikira mozungulira ubongo. Nthawi zina umangodontha pang'ono, ululu n'kuchepa, munthu n'kumati wachira. Mtsemphawo ukhoza kuphulikanso, makamaka tsiku loyamba lomwelo, ndipo kachiwiriko n'kamene kamapha ambiri.

Mayi wina anabwera usiku atamva mutu wotere akunyamula dengu la zovala. Anasanza kawiri, koma ankayenda ndi kulankhula bwinobwino. Mwamuna wake anaimba 999. Pasanathe maola atatu anali atamujambula m'mutu ndi makina a CT, magazi n'kuoneka. Anamuyambitsa mankhwala a nimodipine, ndipo mawa lake madokotala anatseka mtsemphawo podzera pa mtsempha wa m'ntchafu. Makinawa amaona bwino kwambiri m'maola 6 oyambirira. Munthu akachedwa ndipo chithunzi sichikuonetsa kanthu, amamutenga madzi a pamsana patadutsa maola 12 kuti aone ngati muli zotsalira za magazi.

Kwathu mayi ameneyu akanamwa panado, n'kumanga mpango pamutu, n'kugona. Ena akanati ndi malungo, n'kugula LA. Akanagwa mawa lake, pamudzi akanati am'menya ndi hamala. Zimandiwawa, chifukwa ena mwa amene timawaika m'manda motero akanapulumuka.

Ndikudziwa kuti makina a CT amapezeka ku zipatala zazikulu ngati Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central. Komabe chipatala cha boma lanu chimatha kutenga madzi a pamsana, kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kukutumizani kutsogolo. Madzi omwewo ndi amene amaonetsa matenda oumitsa khosi. Mutu ukabwera ndi kutentha thupi, khosi louma, kudana ndi kuwala kapena kusokonezeka maganizo, jakisoni wa ceftriaxone ayenera kuyamba msanga, chifukwa matendawa amatha kupha tsiku limodzi. Amene ali ndi HIV anene, kuti amuyezenso mtundu wina wa matendawa woyamba ndi mafangasi. Ambiri amakana kubayidwa pamsana, ati kumapha. Koma ambiri mwa amene amamwalira atabayidwa amakhala kuti matenda anali atawalowerera kale.

Munthu wa mutu wadzidzidzi uja musam'patse asipirini kapena bufeni, chifukwa zimachedwetsa magazi kuundana. Pezani galimoto usiku womwewo. Mukafika, musangoti mutu ukuwawa. Auzeni adokotala ola limene unayamba, kuti unabwera kamodzin'kamodzi, ndiponso kuti wotere sanaumvepo.