Rauta ilibe mlandu, pasiwedi ili mu Mac

Chimandinyansa n'choti anyamata otchipitsa ntchitowa, munthu akangoti waiwala pasiwedi ya waifai, amathamangira kutokosa kabowo ka kumbuyo kwa rauta ndi phini. Zonse zimene a kampani ya intaneti anakonzamo zimafufutika, ofesi n'kugona popanda netiweki. Chonsecho Mac imene inalumikizidwapo kale ili pa tebulo pompo, pasiwediyo ikuisunga.

Kutsegula Keychain Access sindingataye nako nthawi. Luso lili podziwa poyang'ana. Ambiri amasakasaka mu login, koma mapasiwedi a waifai amakhala mu System, chifukwa kompyuta imafunika kulumikizika mwini wake asanalowemo. Mukalemba dzina la netiweki, yang'anani mzere umene mtundu wake ndi AirPort network password, muutsegule, muchonge Show password.

Apa m'pamene anthu amagwa. Mac imafunsa kawiri. Koyamba imakhala itakulemberani kale dzina, koma kachiwiri malo a dzina amabwera opanda kanthu. Wina amalembapo dzina la netiweki, wina imelo yake ya Apple, kabokosiko n'kumangogwedezeka kukana. Chofunika ndi dzina ndi pasiwedi ya mwini ulamuliro pa kompyutayo. Ngati akaunti yanu ndi wamba, muitaneni mwini wakeyo adzalembe yekha.

Lamulo limeneli ndinalitenga kwa bambo amene anandiphunzitsa ntchito. Kasitomala akayamba kutchula pasiwedi mokweza, iwo ankamudula: "Ayi mayi, lembani nokha," n'kutembenukira kukhoma. Ankatiletsanso kulemba pasiwedi ya munthu papepala, ndipo mbewa ya kompyuta ankaiona ngati ya aulesi. Tsiku lonse ankandikhazika pa Terminal mpaka zala zitaloweza mzere uwu:

```
security find-generic-password -wa "Ofesi2"
```

Zilembo zazikulu ndi zazing'ono ankazilondola ngati mlonda. Mukalemba ofesi2 m'malo mwa Ofesi2, imakuyankhani kuti chinthucho palibe, chikhalirecho chilipo.

Masiku ano zapepuka. Kuyambira pa macOS Ventura ya 2022, mu System Settings, pa Wi-Fi, pansi pa Advanced, muli Copy Password. Sequoia ya 2024 inabweretsa pulogalamu ya Passwords, ndipo Keychain Access anaichotsa mu Utilities, moti ndimaipeza ndi Spotlight. Koma makina ambiri amene amandipeza ndi akale, choncho njira ya bambo aja ikudyetsabe ana anga.

Dziwaninso malire ake. Mac imasunga pasiwedi imene inalumikizira komaliza. Ngati wina anaisintha pa rauta, mupeza yakale, ndipo chizindikiro chake n'choti Mac yomweyo ikukanika kulumikizika. Ngati munauza kompyuta kuti iiwale netiwekiyo, pasiwedi inapita nayo limodzi.

Ndiye kasitomala amati, "Achimwene, kanthawi kochepa komweka mukufuna ndalama?" Ndimawauza kuti afunse amene anatokosetsa rauta kuti anadikira masiku angati.