Juga ya pafoni: lamulo la ku Joni si la kuno

Ku Biwi, komwe ndimakhala sukulu zikatsekera, anyamata amabetcha pafoni mosabisa, poti makampani okhala ndi chiphaso cha bungwe la MAGLA ndi ololedwa. Akapita ku Joni amayesa kuti ndi chimodzimodzi. Ayi ndithu. Dziko lililonse limasankha lokha juga yomwe lingathe kuiyang'anira ndi kudulapo msonkho, ndipo mphamvu ya chiphaso imathera pamalire.

Ku South Africa, lamulo la 2004 limalola kubetcha mpira kukampani yomwe idapatsidwa chiphaso ndi chigawo cha komweko, koma kasino ya pa intaneti ndi yoletsedwa. Eni kasino ya Piggs Peak ya ku Swaziland ankati lamulolo silikuwakhudza chifukwa makompyuta awo ali kunja. Mu 2011 khoti la apilo lidakana, lidati juga imachitikira pomwe wakhala wosewerayo.

Msuweni wanga adawina R4,000 pakasino ina yolembetsedwa ku Curaçao. Ndalamazo zitafika, banki idazigwira. Lamulo limati ndalama zotere zipite ku National Gambling Board, ndipo khoti likhoza kulamula kuti boma lizilande. Nanga akadadandaula kwa yani? Kampaniyo ilibe ofesi ku Joni, MAGLA ilibe mphamvu kumeneko, komanso masiku ake okhalira m'dzikomo adali atatha, moti sakadayerekeza n'komwe kuponda muofesi ya boma.

Chomwe chimandiwawa n'choti chizindikiro chidalipo. Kumunsi kwa tsamba la kampaniyo, m'timalemba ting'onoting'ono, adalemba dziko lomwe lidapereka chiphasocho, ndipo South Africa padalibepo.