Njerwa ya pa chitseko cha masitepe

Ndimakhala ku Roma, kumene nyumba zambiri n'zapansi. Moto ukabuka kwathu, umatsegula chitseko, uli panja. Koma nchito ndimagwira m'tauni, pa nyumba ina yansanjika, pamodzi ndi amalume okonza mafani ndi zamagetsi. Kumeneko chitseko sichikutulutsa panja. Chimakuponya pa masitepe, ndipo masitepewo ndiye njira yokha, chifukwa moto ukayaka lifiti sakwera.

Akuluakulu amakumbuka Society House pa Cairo Road, imene inapsa mu 1997 n'kukhala chigoba zaka zambiri. Anthu amakamba za malawi, koma amalume amati wakupha weniweni ndi utsi. Ku Las Vegas mu 1980, pa hotela ya MGM Grand, moto unali pansi, koma ambiri mwa anthu 85 amene anafa anafera m'mwamba. Utsi unakwera kudzera m'masitepe ndi m'mipata ya malifiti. Utsi wotentha umafuna kumwamba, ndipo masitepe ali ngati chumuni chouyembekeza.

Mankhwala ake ni mphepo. Alamu ikalira, fani yaikulu imayamba kupopa mphepo yoyera yakunja kulowetsa m'masitepe. Mphepo ikadzaza, imakankhira kunja pa kampata kalikonse ka chitseko, ndiye utsi wa m'kolido umalephera kulowa. Muyezo umene timatsata umati zitseko zonse zikatsekedwa, mphepo ya m'masitepe ipose ya m'maofesi ndi mapasikalo pafupifupi 50. Ni mphamvu yaing'ono, m'makutu sungaimve, koma utsi umaimva.

Tsiku loyamba ndinafunsa, "Amalume, bwanji osangoika fani yamphamvu kwambiri?"

Anandipatsa pepala. Chitseko chathu n'chotalika mamita 2, m'lifupi 0.9, ndiye nkhope yake ni 1.8. Kuchulukitsa ndi 50 kumapereka manyutoni 90 okanikiza chitseko. Mahinji amanyamula pafupifupi theka, dzanja lako limatsala ndi 45. Onjezapo sipuling'i yobweza chitseko, tinene 35, wafika 80. Malire ni 100, monga kunyamula thumba la unga la makilo 10. Manje kweza mphepo ifike pa 80: dzanja lifunika 72, kuonjeza 35, wapyola malire. Agogo kapena mwana sangatsegule. Wawateteza ku utsi, koma wawatsekera kumene kuli moto. N'chifukwa chake pamakhala kadampa kotulutsa mphepo ikachuluka, kapena sensa yochepetsa liwiro la fani.

Vuto limene ndinaliona ndi maso linali lina. Mu 2024, magetsi atavuta chifukwa madzi anachepa ku Kariba, anthu anazolowera masitepe. Zitseko zake n'zolemera, zimadzitseka zokha, ndiye anatopa nazo. Wina anaika njerwa, wina kampando, wina mpaka chozimira moto chenicheni.

Loweruka lina tinapita kukayesa. Tinayatsa fani, amalume analowetsa kapaipi ka geji pansi pa chitseko. Muvi unangogwedezeka pang'ono, osafika olo pa 10. Fani inali kulira bwino, lamba ali bwino. "Mphwanga, kwera," anatero. "Werenga zitseko."

Ndinapeza zinayi zili pululu. Masamu ake ni awa: pa chitseko chotseguka mphepo iyenera kutuluka pa liwiro la mamita 0.75 pa sekondi kuti ibweze utsi. Pa chitseko chathu, ndiye makyubiki mita 1.35 pa sekondi. Fani anaisankha poganiza kuti zitseko zotseguka nthawi imodzi zidzakhala zowerengeka chabe, anthu akamathawa. Zinayi za njerwa zinali kudya 5.4, munthu asanathawe ngakhale mmodzi. Ndinachotsa njerwa, n'kutsika ndikutseka chimodzichimodzi. Pofika pansi, muvi unali pafupi ndi 50, mphepo ikuimba kamluzu m'mipata.

Chinandiopsa n'chakuti kulira kwa fani kukanatinamiza. Popanda geji tikanasaina kuti zonse zili bwino. Amalume anayesanso zina ziwiri: kuzima magetsi dala kuti tione ngati jenereta inyamula fani, ndi kukwera kukaona pamene fani imakokera mphepo. Pakamwa pake pakakhala pafupi ndi potulukira utsi, faniyo idzathira utsi m'masitepe ndi manja ake.

Amene anaika njerwa si munthu woipa. Mwina ni mayi wonyamula mabokosi a mafailo, nsanjika zisanu ndi zitatu, lifiti itafa. Ndimamumvetsa. Koma tsiku la moto, njerwa yake idzatsegulira utsi njira yopita kwa anthu a pamwamba pake, amene sanaione n'komwe.

Lolemba ndinapeza ina pa nsanjika yachitatu. Ndinainyamula. Chitseko chinabwerera pang'onopang'ono, ndipo ndinaima mpaka nditamva loko ikuti khwatha.