Geji yanga inkandinamiza

Tayala lakumbuyo la pikapu yanga litaphulika ndisanafike n'komwe ku Matawale, nditasenza matumba a mpunga ndi madengu a matemba kuchokera ku Kachulu, mlandu ndinaupereka kwa msewu. Aliyense woyenda msewu wochokera kunyanja ya Chilwa kupita ku Zomba amaudziwa mabampu ake. Koma bambo wina womata matayala ataliyang'ana anapukusa mutu. Tayalalo linali litadyeka m'mbali monse muwiri, pakati pali bwinobwino. "Achimwene, mwakhala mukuyendera mpweya wochepa," anatero. Ndinakana kwamtuwagalu, poti m'mawa womwewo ndinali nditapima ndipo geji inaonetsa 40 psi, mlingo umene ndimaika kumbuyo ndikanyamula katundu.

Geji yangayo inali ya wotchi, ija yozungulira yokhala ndi kamuvi. Bamboyo anaitenga n'kundionetsa chimene maso anga ankachidumpha tsiku lililonse: isanakhudze tayala, kamuvi kanali kataima kale pa 6 m'malo mwa 0. Apo ndinakumbukira kuti miyezi iwiri m'mbuyomo inandipulumuka n'kugwera pasimenti. M'kati mwa geji yamtunduwu muli kachubu kopindika kamene kamawongoka mpweya ukalowa, ndipo timagiya tating'ono timapititsa kusunthako ku kamuvi. Kugwa kamodzi kokha kumatha kusokoneza zonsezi, galasi lili losasweka.

Ndinafuna umboni. M'mawa mwake dzuwa lisanatenthe ndinabwereka mageji awiri, ina ya pensulo kwa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ina ya batire kwa mnzanga woyendetsa minibasi. Awiri, chifukwa mageji awiri okha akatsutsana simungadziwe wonama ndani. Pamafunika wachitatu woweruza. Ndinapimira patayala lasipeya, lozizira. Izi n'zofunika: tayala loti layenda limatentha ndipo mpweya umakwera ndi 3 kapena 4 psi, mwinanso kuposa.

Yanga inati 40. Ya pensulo inati 34, ya batire 34.5. Ndinabwerezanso ndi yanga pomaliza, poti kupima kulikonse kumathawitsa kampweya pang'ono, ndipo inabwerera pafupi ndi 40 pomwepo. Kenako ndinaphwetsako tayalalo mpaka mageji obwereka aja anati 25. Yanga inati 31. Choncho inkawonjezera 6 paliponse, ndipo kwa miyezi iwiri ndinkasenzetsa katundu matayala osakhuta. Tayala lotero limapindikapindika m'mbali likamazungulira, limatentha, mapeto ake ulusi wam'kati umalekana. Kusiyana kwa 1 kapena 2 psi pakati pa mageji sikodetsa nkhawa, koma 6 ndi tayala lathunthu lotayika. Ngati geji ina yalembedwa mu bar musasokonezeke: 1 bar ndi pafupifupi 14.5 psi, ndiye 34 psi ndi cha m'ma 2.3 bar.

Pogula ina ndinaganizira za kwathu kuno, osati za m'tauni. Ya wotchi imawerengeka mosavuta, ndipo amene akuifuna asankhe yolekezera pa 60 psi, chifukwa imanena zoona kwambiri kamuvi kakakhala chapakati. Yofika 160 ndi ya malole. Koma ine galimoto yanga imagwedezeka ulendo wonse, ndipo manja anga ndawadziwa tsopano. Sindinaibwererenso.

Ya batire ndiyo yomwe imaonetsa ngakhale theka la psi, ndipo usiku padoko simufunika kufinya maso. Vuto lake ndi kabatire kaja konga batani. Kakafooka manambala amazilala kapena kudumphadumpha, ndipo kupeza kena n'kupita mpaka mumzinda wa Zomba. Madzi nayonso siigwirizana nawo, pomwe ife dzinja lonse timakhalira m'matope.

Ya pensulo anthu amainyoza poti ndi yotchipa. Ilibe batire, ikagwa mumangoitola. Mdani wake ndi fumbi, limene m'chilimwe kuno silisowa. Likalowa, kandodo kamatuluka mokakamira n'kuonetsa mpweya wochepa kuposa umene ulimo, inu n'kumapopabe mpaka tayala kuuma gwa n'kuyamba kudyeka pakati. Kuiyesa n'kosavuta: kokani kandodoko ndi zala n'kukabweza, kazitsetsereka bwino osakodwa. Kapukuteni ndi kansalu kouma, osathira oyilo, chifukwa oyiloyo ndiye amagwira fumbi.

Ndinagula ziwiri. Ya pensulo imakhala m'thumba la malaya, m'kapepala kapulasitiki, ndipo ndi imene ndimapimira m'mawa uliwonse ndisanapakire. Ya batire imakhala m'kabati kunyumba, siikwera galimoto. Kumayambiriro kwa mwezi ndimazikumanitsa patayala lasipeya lija. Mwezi wathawu zinasiyana ndi 1 psi. Tsiku limene zidzasiyane ndi 3, ndidzakagogodanso kwa mnzanga wa minibasi uja kuti adzatiweruze.