Katumba akakokana usiku, onani mwendo kukacha

Kuno ku Lungwena, mayi woyembekezera akadandaula kuti mwendo ukumukoka usiku, timangoti ndi za pakati, zidzatha akadzachira. Nthawi zambiri n'zoona. Koma pali ululu wina wa mwendo umene sudikira tsiku la sikelo, ndipo ndi bwino tizitha kusiyanitsa.

Mng'ono wanga zinamuyamba pakati pali miyezi 7, m'nyengo yotentha ya Okotobala. Amadzidzimuka pakati pa usiku, katumba wa kuseri kwa mwendo atauma gwa ngati mwala. Pakapita mphindi zingapo ululu umaleka, ndipo kukacha miyendo yonse imaoneka yofanana. Kumeneko ndiko kukokana wamba, kofala m'miyezi yomaliza ya pakati komanso kwa achikulire.

Chomwe chimathandiza pomwepo ndi kuwongola bondo n'kukokera zala zakuphazi m'mwamba, kuloza kumaso. Kuloza zala pansi kumafupikitsa katumba, ndiye kukokana kumakula. N'chifukwa chake bulangete lopanikiza mapazi si labwino. Asanagone, iye amagwira khoma ndi manja awiri, mwendo umodzi kumbuyo, chidendene chili pansi, n'kuweramira kutsogolo masekondi 30, katatu mwendo uliwonse. Madzi amamwa kwambiri masana, chifukwa thukuta la kuno kunyanja si lamasewera. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, amadziwa kuti madzi achepa m'thupi. Kukokanako sikunatheretu, koma kunachepa, ndipo kusikelo pachipatala cha Lungwena anawauza anamwino kuti akuvutika kugona.

Tsono nachi choti musanyozere. Ngati mwendo umodzi wokha watupa kuposa unzake, ukutentha, ndipo ululu sukuleka ngakhale kwacha, kumeneko si kukokana wamba. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo izi zimachitika mosavuta kwa mayi woyembekezera kapena amene wangochira kumene. Mwendo wotero musautikite. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akakutumizani kuchipatala chachikulu cha Mangochi musazengereze ndi za ulendo. Wodwala akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, nyamukani ngakhale ndi usiku, pakuti magazi oundanawo akhoza kufika m'mapapo.

Kwa makolo athu achikulire, nkhani imakhudzanso mankhwala. Mapiritsi ena a kuthamanga kwa magazi amakodzetsa pafupipafupi, ndipo ena amene amawamwa miyendo imawakokana. Asasiye kumwa paokha, koma akanene pokatenga mankhwala ena. Akanenenso ngati mapazi akuchita dzanzi kapena kuotcha, chifukwa matenda a shuga amatero. Ndipo kwinini asamugule ngati mankhwala a mwendo: kuopsa kwake kumaposa ululu wa mphindi zochepawo.

Mukadzuka m'mawa, yalani miyendo yonse iwiri pamphasa muyerekeze. Ikafanana ndipo ululu watha, pitirizani kuwongola katumba ndi kumwa madzi. Ikasiyana, khasu ndi mtsuko zidikire kaye.