Funso loyamba lija safuna za kumudzi

Pa intaviyu ya Chingerezi, ambiri amagwa pa funso loyamba lenilenilo, lakuti tiuzeni za inu. Ife a ku Karonga tikafunsidwa chonchi timayambira mudzi, mfumu, mpaka kutchula Kyungu amene. Pachinkhoswe n'zoyenera, koma olemba ntchito akufuna kumva zomwe ungawagwirire.

Tchuthi chino ndikuyeserera ngati ndikufunsira ntchito yoonetsa alendo kunyumba yosungira zakale ya paboma, kuja kuli mafupa a Malawisaurus. Yankho langa lili ndi mitu itatu: zomwe ndikuphunzira, ntchito imodzi yomwe ndinagwirapo, ndi chomwe ndingathandize. Pamutu wachitatuwu ndimati ndimayankhula Chinkhonde, Chitumbuka ndi Chingerezi, choncho agogo a ku Kaporo ndi mlendo wakunja onse ndingawafotokozere.

Ndimadzijambula mawu pafoni, malire miniti imodzi, kenako n'kumvetsera. Munthu woloweza liwu ndi liwu amadziwika: amathamanga ngati akulakatula, ndipo ukamudula ndi funso lina amasowa poyambira. Ndiye ine ndimasunga mitu itatuyo basi, ziganizo zifupizifupi, n'kumapuma pothera chilichonse. Mnzanga wondiyesa ndinamuuza kuti azindidula dala pakati.