Mizere Inayi ya Mtchona m'Chisipanishi

Akatswiri a ziyankhulo za Chibantu anazolowera kumasulira ziganizo liwu ndi liwu pofuna kuonetsa mamangidwe ake. Kumasulira ndakatulo kuti munthu wa mtundu wina aimve m'khutu ndi mumtima ndi ntchito ina ndithu. Nkhani ino ikulongosola momwe mayi wina, mphunzitsi wa ziyankhulo amene anakhala zaka zingapo ku Kolombiya, anamasulirira m'Chisipanishi ndakatulo ya mizere inayi imene amalume ake anapeka. Amalumewo anatchona ku Joni, ndipo pobwera kwawo anapeza mayi awo ataikidwa kale m'manda. Ndakatuloyo ndi iyi:

*Mtondo wagona pakhonde,*
*munsi wadyedwa ndi chiswe.*
*Ndafika, mayi, ndafika,*
*koma pabwalo pali zii.*

Ndakatuloyi sitchula imfa, sitchula misozi, ndiponso sipempha chisoni kwa womvera. Choncho mayiyo anadziwa kuti kumasulira kulikonse kumene kungaulule maliro poyera kudzakhala kunamizira amalume ake, ngakhale mawu onse atakhala olondola.

Chinthu choyamba chimene anasinkhasinkha ndicho kayendedwe ka mawu. Pano Chichewa ndi Chisipanishi zili ndi chibale chimene Chichewa chilibe ndi Chingerezi. Ziyankhulo zonse ziwiri zili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo phatikizo lililonse limamveka lokwanira, losamezedwa. Kuonjezera apo, m'Chichewa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika pamene woyankhula afika popumira, monga *kho* m'mawu oti pakhonde. M'Chisipanishi namo mawu ambiri amagogomeza phatikizo lomwelo lachiwiri kuchokera kumapeto. Kutalikitsa ndi kugogomeza si chinthu chimodzi, pakuti Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, monga pa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, zimene Chisipanishi sichichita. Komabe khutu limamva kulemera pamalo amodzimodzi a mzere, ndipo womasulira akhoza kumangapo.

Alakatuli a Chisipanishi amawerenga maphatikizo a mzere uliwonse, ndipo mzere wa maphatikizo 8 ndiwo wa nyimbo ndi ndakatulo za anthu wamba kuyambira kale. Kuwerengako kuli ndi malamulo awiri ofunika pano. Loyamba ndi lakuti pamene mawu atha ndi lembo la liwu ndipo otsatira ayamba ndi lembo la liwu, maphatikizo awiriwo amalumikizana nawerengedwa limodzi. Lachiwiri ndi lakuti mzere umene watha ndi phatikizo logogomezedwa umawerengedwa ngati uli ndi phatikizo limodzi loonjezera, chifukwa kachetechete wotsatira amadzaza malo a phatikizo losowalo. Mizere itatu ya amalume aja ili ndi maphatikizo 8, ndipo woyamba uli ndi 9 chifukwa *m* wa mtondo amaima payekha. Motero mayiyo sanavutike kusankha muyeso.

Vuto linayamba ndi mawu oyamba enieni. Buku lomasulira mawu limapereka *mortero* pa mtondo. Koma kwa womvera Chisipanishi mawuwa amabweretsa kambiya kakang'ono kosinjiramo adyo m'khitchini, ndiponso amatchulira mfuti ya nkhondo yoponya mabomba ndi dothi lomangira njerwa. Kambiya kotere sikagona pakhonde, ndipo palibe amene angamve kuti pakhomo pafa munthu chifukwa kagudubuzika. Mayiyo anakumbukira kuti ku Kolombiya, ku Venezuwela ndi kuzilumba za Karibiyani mtondo waukulu wa mtengo wosinjiramo chimanga kapena mpunga umatchedwa *pilón*. Mawu omwewo ku Sipeni amadziwika kwambiri ngati mwala wogobedwa womweramo ziweto pakasupe. Apa panaonekera kuti womasulira samasulira m'Chisipanishi chongoganizira, koma m'Chisipanishi cha anthu ena ake. Anasankha cha ku Amerika, kumene anthu amasinja monga asinjira kuno, ndipo chisankhocho chinamanga mawu onse otsatira. Chiswe chinakhala *comején*, monga anenera kumeneko.

Mneni woti wagona unafuna kusamala koposa. Mtondo wogwira ntchito umaima chilili, ndipo wogona ndi wosiyidwa. Koma kugona ndi mawunso amene Achewa amanena mwaulemu za akufa. Chisipanishi chili ndi *yace*, mawu amene amalembedwa pamiyala ya kumanda, ndipo akanakwanira bwino muyeso. Mayiyo anawakana chifukwa akanaulula pa mzere woyamba chimene mlakatuli anabisa mpaka pa mzere wachinayi. Anatenga *duerme*, kugona tulo, kumene kumasiya womvera akuganiza kuti mwina eni ake angochokapo pang'ono. Khonde nalo linamutayitsa nthawi. Mawu otchula kunsi kwa tsindwi anafikitsa mzere pa maphatikizo 9, ndipo pakati pa mizere ya 8 mzere wotere umatsimphina m'khutu la Chisipanishi ngakhale sutsimphina m'la Chichewa. Iye anadzifunsa kuti khonde likugwira ntchito yanji m'ndakatuloyi. Ndi malo amene mlendo amaimapo nanena odi. Khomo limagwira ntchito yomweyo, motero analemba *a la puerta*, pakhomo, nataya mthunzi wa khonde.

Pa mzere wachiwiri Chisipanishi chinabweza zina mwa zotayikazo. Munsi wa *pilón* umatchedwa *mano*, mawu amene tanthauzo lake loyamba ndi dzanja. Ndiponso *su mano* akhoza kutanthauza munsi wa mtondowo kapena dzanja la munthu wina amene sanatchulidwe. Womvera amayamba waona munsi, koma akafika pa mzere wachitatu ndi kumva mwana akuitana mayi ake, dzanja lija limasanduka la mayiyo. M'Chichewa mulibe zimenezi, ndipo womasulirayo anadzifunsa ngati nkoyenera kusunga chimene mlakatuli sanaikemo. Anachisunga pa chifukwa ichi: kwa Mchewa munsi umakumbutsa manja a mayi popanda kunena, pamene womvera wa m'tauni ya ku Amerika afunika kuthandizidwa pang'ono kuti afike pamalo omwewo. Anasinthanso chiganizo kuti chiswe chikhale chochita, pakuti kunena kuti munsi wadyedwa ndi chiswe m'mamangidwe omwewo kumamveka ngati lipoti la boma m'Chisipanishi. Kufanana kwa wagona ndi wadyedwa anakusunga poika mneni patsogolo m'mizere yonse iwiri.

Mzere wachitatu ndiwo unaonetsa bwino chibale cha ziyankhulozi. Uli ndi popumira patatu, kotero kuti kutalika kumagwera pa *fi*, pa *ma* ndi pa *fi*, ndiye kuti pa phatikizo lachiwiri, lachinayi ndi lachisanu ndi chiwiri. Mawu oti *ya llegué*, amene munthu amanena akafika pakhomo, amatha ndi kugogomeza, ndipo akanaumitsa mzere umene uyenera kumveka ngati kudandaulira. Koma *ya vine, madre, ya vine* amagogomeza pa malo atatu omwe aja osaphonya. Ndi mawu wamba, a mwana wobwera kuchokera kumsika, ndipo kuphweka kwake ndiko kumapweteka, popeza wonenayo anachoka zaka zambiri. Mawu oti *mamá* ndi oyandikira kwa mwana kuposa *madre*, koma amagogomeza kumapeto, motero akanaswa mzere pakati.

Chotsala chinali mvekero. Clement Doke anapatsa mawu a mtundu uwu dzina lake m'maphunziro a Chibantu mu 1935, ndipo aliyense womasulira kuchokera ku ziyankhulo zathu amadziwa kuti ndi pamene ngolo imatitimira. Mawu oti zii safotokoza kuti pabwalo pali chete, koma amachititsa chetecho m'kamwa mwa wonena. Kumasulira kwapafupi ndi *pero hay silencio en el patio*. Muyeso wake ndi wokwana 8, tanthauzo ndi lolondola, koma mzere umatsetsereka mofanana ndi inzake itatu, ndipo womvera amadikira mzere wachisanu. Chizindikiro chodziwira kuti kumasulira kwalephera ndi chimenecho: wowerenga akamaliza, liwu lake likadali m'mwamba.

Mayiyo anaona kuti m'Chichewa mphamvu ya zii sili m'tanthauzo mokha. Mizere itatu yoyamba imatha mofanana, ndi phatikizo lalitali lotsatidwa ndi lalifupi, pamene wachinayi umaswa chizolowezicho ndi phatikizo limodzi lokokedwa. Chisipanishi chilibe mvekero wotere, koma chili ndi lamulo lija la mzere wotha ndi kugogomeza. Atasunga mizere itatu yotha mofewa, akanatha kutsiriza wachinayi ndi liwu limodzi logogomezedwa, kuti phatikizo lachisanu ndi chitatu lisanenedwe konse, likhale chete weniweni amene muyeso umamuwerenga. Zotsatira zake ndi izi:

*Duerme el pilón a la puerta,*
*comió el comején su mano.*
*Ya vine, madre, ya vine,*
*pero en el patio no hay voz.*

Mzere womaliza ukunena kuti pabwalo palibe liwu. Uli ndi maphatikizo 7 omveka, ndipo ku Amerika *voz* amatha ndi s, amene wowerenga akhoza kumukoka pang'ono monga akokera zii. Ndakatulo zakale za mizere ya 8 zimafananitsa malembo a liwu kumapeto kwa mzere wachiwiri ndi wachinayi, koma mayiyo sanatsate mwambowo, chifukwa kufananako kukanamanga mfundo pamalo amene mlakatuli anasiya chingwe chili choduka.

Chilipo chimodzi chimene sichinaoloke. Achewa amanena zii za malo opanda phokoso, komanso za munthu amene wapita osatumiza mawu: uje anangoti zii. Mtchona uja ndiye anayamba kukhala zii kwa mayi ake, ndipo tsopano pabwalo pakumuyankha ndi liwu lake lomwe. Pamenepo ndi pamene pali kudzitsutsa kwa mlakatuli, ndipo *no hay voz* sanyamula zimenezo. Womvera Chisipanishi amamva chisoni cha mwana wochedwa, koma samva kuti mwanayo akudziimba mlandu. Womasulirayo anakana kuonjezera mzere wachisanu wolongosola, pakuti ndakatulo imene mphamvu yake ili pa kuleka kuyankhula singathandizidwe ndi mawu oonjezera. Tanthauzo lachiwirilo analiika m'chiganizo chimodzi chonenedwa ndakatulo isanayambe, kuti womvera afike nalo pa mzere womaliza monga Mchewa afikira nalo kuchokera kwawo.